Kufunsa za viza m'Chifalansa: moni woyambira, «vous» ndi mawu otsekera kalata

Amene amayankhula Chichewa ali ndi mwayi womwe Mngerezi alibe akafuna kulemba kalata m'Chifalansa. Ife tinakula tikudziwa kuti mwana timamuuza kuti «iwe», ndipo apongozi kapena munthu wachilendo timawauza kuti «inu». Chifalansa nachonso chimasiyanitsa chomwecho: *tu* ndiye «iwe», *vous* ndiye «inu». Chingerezi cha masiku ano chili ndi mawu amodzi okha a zonsezi. Vuto limabwera chifukwa makalata ambiri ofunsa za viza amayamba alembedwa m'Chingerezi, kenako n'kumasuliridwa. Ulemu umene unali m'mutu mwa mwini kalata umatayika panjira, ndipo womasulira amatsala akungopenekera. Choncho musanakhudze Chifalansa, yerekezani kuti mukunena mawuwo m'Chichewa pamaso pa amene adzawerenge kalatayo. Khutu lanu lidzakuuzani lokha kuti apa m'pa «inu». Koma Chichewa chomwecho chimatha kukusocheretsani pa malo angapo, ndipo malowo tiwaona.

Tiyerekeze nkhani iyi. Mayi wina, namwino, waitanidwa ku maphunziro a masabata awiri mumzinda wa Lyon ku Falansa, oyamba pa 14 Epulo. Anapereka mapepala ake opempha viza ya ulendo waufupi pa 3 Malichi. Lero ndi pa 28 Malichi, ndipo kuli zii. Malamulo a viza ya Schengen, yomwe ndi viza ya ulendo waufupi yolowera ku Falansa ndi mayiko ena ambiri a ku Ulaya, amati yankho liyenera kutuluka pasanathe masiku 15, ngakhale nthawiyo ikhoza kutalikitsidwa mpaka masiku 45 ngati pakufunika kufufuza zambiri. Ndiye kuti pa tsiku la 25 mayiyu ali ndi chifukwa chomveka chofunsira, koma alibe chifukwa chokalipira. Zimenezi womasulira azidziwe asanasankhe mawu, chifukwa kalata yofunsa ndi kalata yodandaula sizivala zofanana.

Ndani adzatsegule kalatayo

Funso loyamba si la Chifalansa ayi. Kalata ya mayiyu sidzafika patebulo la kazembe. Idzagwera mu bokosi la imelo la nthambi yoona za maviza, *le service des visas*, kapena la kampani imene boma la Falansa linaipatsa ntchito yolandira mapepala, monga TLScontact kapena VFS Global. Simukudziwa dzina la wowerengayo, simukudziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Pa munthu wotere Chifalansa chili ndi moni mmodzi wokhazikika:

```
Madame, Monsieur,
```

Mawu awiri, onse oyamba ndi chilembo chachikulu, mpatuliro pakati, mpatuliro kumapeto, *Madame* patsogolo. Kenako mudumphe mzere, ndipo chiganizo choyamba chiyambe ndi chilembo chachikulu ngakhale kuti pamwambapo pathera mpatuliro. Musaike kamzere kopendekera pakati pa mawu awiriwa monga zimachitikira m'makalata a Chingerezi, ndipo musawafupikitse. *M.* ndi *Mme* ndi za potchula munthu wina m'kati mwa nkhani. Pomuyankhula mwini wake mumalemba mawu onse. Ndipo poti tatchula zofupikitsa: *Monsieur* amafupikitsidwa kuti *M.*, osati ndi zilembo ziwiri zija tinazolowera m'Chingerezi.

Cholakwika chofala kwambiri ndi *Cher Monsieur* kapena *Chère Madame*. Chimachokera ku «wokondedwa» uja timayambira naye makalata kusukulu. M'Chingerezi mawu amenewo anasukuluka kale, moti amalembedwa ngakhale kwa munthu amene mukumulonjerera ngongole. M'Chifalansa *cher* akadali ndi kutentha kwake. Amalembedwa kwa munthu amene munakumanapo naye, amene mwalemberana kangapo, kapena mnzanu wapantchito. Wogwira ntchito ku ofesi ya maviza akawerenga *Cher Monsieur* kuchokera kwa munthu amene sanamuonepo, zimamveka ngati mlendo wangofika pakhomo n'kuyamba kukugwirani paphewa. Sakwiya nazo kwenikweni, koma amadziwiratu kuti kalatayi yachita kutembenuzidwa.

*À qui de droit* ndi msampha wina wofanana. Mawuwa alipodi m'Chifalansa, ndipo amaoneka pa zikalata zochitira umboni zimene sizilunjika kwa munthu mmodzi, makamaka ku Kanada. Koma si moni wa kalata yofunsa funso. *Mademoiselle* musamugwiritse ntchito n'komwe: boma la Falansa linalamula mu Febuluwale 2012 kuti mawuwa achoke pa mafomu ake, ndipo mkazi aliyense wamkulu ndi *Madame*, kaya ali pabanja kaya ayi. Izi zikukhudzanso namwino wathu. Ngati fomu ikufunsa *civilité*, asankhe *Madame*.

Nanga udindo? Kalata yapapepala, yosayinidwa, yopita kwa mkulu wa ofesi, monga yopempha kuti aunikenso chigamulo, imayamba ndi *Monsieur le Consul,* kapena *Monsieur le Consul général,* malinga ndi udindo wa mkuluyo. Akakhala mayi, *Madame la Consule générale,*. Mayina a maudindo a amayi ngati ameneyu anazika mizu m'maofesi, ndipo bungwe loyang'anira Chifalansa la Académie française, limene linkawakana kwa zaka zambiri, linawavomereza mu Febuluwale 2019. Apa muyenera kufufuza kaye pa tsamba la ofesiyo kuti pampandopo pali ndani, chifukwa kulemba *Monsieur le Consul* kwa mayi n'koipa kuposa kungolemba *Madame, Monsieur*. Dzina la bambo wake silibwera pa moni: *Monsieur le Consul,* basi. Koma *Excellence* ndi *Monsieur l'Ambassadeur* zisungireni makalata opitadi kwa kazembe. Kufunsa kuti pasipoti ili pati n'kuyamba ndi *Excellence* kuli ngati kuvala suti popita kukagula tomato. Ulemu wopyola muyeso sufulumizitsa fayilo. Umangoonetsa kuti wolembayo sakudziwa amene akuyankhula naye.

Pa imelo zinthu zinafewerapo. *Bonjour,* kapena *Bonjour Madame, Monsieur,* amalandiridwa, makamaka mu kabokosi kolembamo uthenga pa tsamba la kampani yolandira mapepala. Komabe pa uthenga woyamba wopita ku ofesi ya boma, *Madame, Monsieur,* sangakupachikeni. *Salut* ndi *Coucou* ndi za anzanu a kumpira. *Bonsoir* musiyeni, poti simudziwa kuti uthengawo udzatsegulidwa nthawi yanji.

Tsopano pamene Chichewa chimatisocheretsa koyamba. Kwathu kulowa m'nkhani osafunsa za moyo ndi mwano. Timayamba ndi «muli bwanji», «ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja», ndipo ena amawonjezera kuthokoza Mulungu. M'kalata ya Chifalansa yopita ku ofesi, zonsezi zimachoka. *Comment allez-vous ?* ndi chiganizo cholondola, chaulemu, chili ndi *vous* wake, koma malo ake ndi pocheza. Kwa Mfalansa wa mu ofesi, ulemu ndi kusamutayitsa nthawi: moni, kenako nkhani. Womasulira amene wapatsidwa kalata yoyamba ndi ndime yonse ya malonje amuuze mwini wake kuti ndimeyo yachotsedwa dala, ndipo ulemu wake wasamukira ku aneni ndi ku mawu otsekera.

Kumene *tu* amabisala

Aliyense amene anaphunzirako Chifalansa pang'ono amadziwa kuti ku ofesi salemba *tu*. Komabe *tu* amalowa m'makalata ambiri, chifukwa sabwera yekha, ali ndi abale ake: *te*, *toi*, *ton*, *ta*, *tes*, ndi *t'* wofupikitsidwa. Munthu amalemba ziganizo zitatu zabwinobwino za *vous*, kenako n'kumaliza ndi *j'attends ta réponse* m'malo mwa *votre réponse*. Wina amalemba *s'il te plaît*, poganiza kuti ndi mawu amodzi otanthauza «chonde», pomwe m'kati mwake muli *te*. Woyenera ndi *s'il vous plaît*. Kusakaniza kotere n'koipa kuposa kulakwitsa kalata yonse, monga momwe zimamvekera mwana akauza agogo ake kuti «bwerani ndikupatse».

Malo ena obisalira ndi mneni wolamula, chifukwa pamenepo mlowam'malo saoneka. *Dis-moi*, *envoie-moi*, *réponds* ndi «ndiuze», «nditumizire», «yankha». Palibe pamene palembedwa *tu*, koma onsewa ndi a «iwe». A «inu» ndi *dites-moi*, *envoyez-moi*, *répondez*. Pochita kuwerenganso, njira yosavuta ndi kuyang'ana mathero a mneni: mneni wa *vous* amathera ndi *-ez*, kupatula atatu ofala awa, *vous êtes*, *vous faites*, *vous dites*. Kulemba *vous disez* kapena *vous faisez* ndi chizindikiro cha munthu amene analoweza lamulo koma sanamve anthu akuyankhula.

Koma *-ez* yemweyo amagwetsa ena m'dzenje lina. *Vous* sakhala wochita nthawi zonse. Nthawi zambiri m'kalata amakhala wochitiridwa, monga *-ku-...-ni* wa mu «ndikukuthokozani». Wochita pamenepo ndi «ine», ndipo mneni amatsata *je*: *je vous remercie*, *je vous prie*, *je vous écris*. Diso likaona *vous* pafupi, dzanja limathamangira kulemba *je vous remerciez*, zomwe ndi zolakwika. Chimodzimodzi *pour vous demander*, «kuti ndikufunseni»: mneni amathera ndi *-er*. Poti *demander* ndi *demandez* amamveka chimodzimodzi pakamwa, kuwerenga mokweza sikungakuthandizeni apa. Muyenera kudzifunsa pa *vous* aliyense kuti kodi akuchita ndi iyeyu, kapena akuchitiridwa.

«Inu» yekha sakwanira

Mukhoza kulemba *vous* paliponse koma kalata n'kumamvekabe ngati ya msilikali. *Envoyez-moi mon passeport* ndi «nditumizireni pasipoti yanga»: ulemu wa galamala ulipo, koma ndi lamulo. M'Chichewa timadziwa kusiyana kwa «ndiuzeni» ndi «mungandiuzeko kodi», ndipo Chifalansa chimachita zomwezo ndi mtundu wa mneni umene amautcha *conditionnel*. *Je veux savoir*, «ndikufuna kudziwa», amasanduka *je souhaiterais savoir*. *Pouvez-vous* ndi wololeka, koma *pourriez-vous* ndi wofewa. Kusiyana kwake kumatha kukhala chilembo chimodzi: *je souhaiterais* wokhala ndi *s* kumapeto ndiye wopempha, pomwe *je souhaiterai* wopanda *s* akunena za m'tsogolo, «ndidzafuna».

Pempho lolemera kwambiri, loyenera pamtima pa kalata, ndi *je vous serais reconnaissant de bien vouloir*, kenako mneni. Apa Chichewa chimatisiya tokha, chifukwa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi. «Ndingakhale wothokoza» amanena aliyense. M'Chifalansa namwino wathu ayenera kulemba *reconnaissante*, ndi *e* kumapeto, ndipo chimodzimodzi *je suis née*, *je suis invitée*, *infirmière* osati *infirmier*. Womasulira amene walandira kalata yosayinidwa ndi dzina ngati Chikondi, Mphatso kapena Kondwani afunse kaye, asangoganizira. Kalata yonena kuti wolemba ndi mwamuna pomwe pasipoti ikunena kuti ndi mkazi imayambitsa mafunso osafunika. Wofuna kuzemba nkhaniyi akhoza kugwiritsa ntchito *je vous saurais gré de bien vouloir*, amene sasintha. Koma alembe *saurais*, wochokera ku *savoir*. *Je vous serais gré* ndi cholakwika chimene ngakhale Afalansa eni ake amachita.

Pali mawu awiri amene amaoneka aulemu koma amaluma. *Merci de me répondre rapidement* akuyamba ndi «zikomo», koma akuthokoza pa chinthu chimene sichinachitike, ndipo ndi mmene bwana amauzira wantchito. *Veuillez* nayenso ngwa mbali ziwiri. Mu *veuillez trouver ci-joint*, «landirani zimene ndaphatikiza», ndi mu mawu otsekera ali bwino. Koma *veuillez me répondre avant le 5 avril* ndi chiyankhulo cha ofesi pouza nzika zochita. Wopempha viza sangachibweze kwa ofesiyo. Ngati nthawi yathina, tchulani tsiku la ulendo monga mfundo chabe, owerenga adzawerengera okha masiku.

Mneni *demander* musamuope. Amafanana ndi mawu a Chingerezi otanthauza kulamula mwaukali, koma m'Chifalansa ndi «kupempha» kapena «kufunsa» basi. Pempho la viza ndi *une demande de visa*. Mawu akuti *application* kumeneko amatanthauza zina, monga kapulogalamu ka pafoni.

Chichewa chimasocheretsanso pa ulemu wochulukitsa. Ife timachulukitsa ngakhale munthu amene palibe: «adokotala anena», «bambo abwera». Chifalansa chimachulukitsa yekhayo amene mukuyankhula naye. Mkulu wa chipatala amene wasayina kalata ya namwino wathu ndi *il* kapena *elle*, mmodzi: *le directeur a signé*, osati *ont signé*. Timathanso kudzichepetsa ponena kuti «ife tinangoti tifunseko», tili tokha. Mukamasulira ndi *nous*, wowerenga aganiza kuti opempha viza ndi angapo, ndipo ayamba kufunafuna mafayilo ena. Munthu mmodzi ndi *je*. Ndiponso *vous* waulemu, ngakhale mneni wake ali wochulukitsa, mfotokozi wake amakhala wa munthu mmodzi: kwa mayi mmodzi mumalemba *vous êtes bien aimable*, wopanda *s*.

Mawu otsekera

Apa ndi pamene Chifalansa chimaunjika ulemu wonse umene chinaukana koyambirira kuja. Kalata ya Chichewa imatha ndi «ine wanu», koma ya Chifalansa imatha ndi chiganizo chathunthu:

```
Je vous prie d'agréer, Madame, Monsieur, mes salutations distinguées.
```

Tanthauzo lake ndi «ndikukupemphani kuti mulandire moni wanga waulemu». Lamulo lalikulu ndi lakuti mawu amene ali pakati pa mipatuliro abwereze ndendende moni wa pamwamba. Ngati munayamba ndi *Madame, Monsieur,* abwerenso momwemo. Ngati munayamba ndi *Monsieur le Consul général,* mutseke ndi *je vous prie d'agréer, Monsieur le Consul général, l'expression de ma considération distinguée*. Cholakwika chimabwera munthu akakopera chiganizochi ku kalata ina: pamwamba *Madame*, pansi *Monsieur le Directeur*. Kwa kazembe weniweni, *considération distinguée* amakwera kukhala *haute considération*.

Mudzaona kawirikawiri *l'expression de mes salutations distinguées*. Palibe amene angakubwezereni kalata chifukwa cha zimenezi, koma akatswiri a chiyankhulo amati moni sachita kuufotokoza, amangoupereka. *L'expression de* amayenda ndi *considération* kapena *sentiments*. Ponena za *sentiments*, mwambo wakale unkaletsa kuti mwamuna ndi mkazi osadziwana atumizirane mawuwa, ndipo *hommages* ankaperekedwa ndi mwamuna kwa mayi basi. Malamulo amenewa akutha mphamvu, koma poti simukudziwa wowerenga, *salutations* alibe mlandu ndi aliyense.

Ambiri amakonda kutsogoza *dans l'attente de votre réponse*, «podikira yankho lanu». Zili bwino, koma chotsatira chake chikhale *je vous prie*, osati *veuillez*. Wodikira ndi inu wolemba, choncho chiganizo chipitirire ndi «ine». Mukalemba *dans l'attente de votre réponse, veuillez agréer*, galamala ikunena kuti wodikirayo ndi wa ku ofesi uja.

*Cordialement* ndiye wofala pa maimelo a ku Falansa masiku ano, ndipo kwa kampani yolandira mapepala ndi wokwanira. Ku ofesi ya boma, pa uthenga woyamba, ndi bwino kulemba chiganizo chonse chija, kapena *Respectueusement,* ngati malo achepa. *Sincèrement vôtre* ndi Chingerezi chovala malaya a Chifalansa. *Amicalement* ndi *Bises* ndi za abwenzi. Madalitso otsekera kalata, amene kwathu ndi ulemu wabwino, asiyeni: maofesi a boma la Falansa amatalikirana ndi zachipembedzo, ndipo mawuwo kumeneko amangodabwitsa.

Kalata ya namwino

Kumasulira kotsata mawu ndi mawu kukanatulutsa izi:

```
Cher Monsieur/Madame,
Comment allez-vous ? Je veux savoir où est mon application.
S'il te plaît réponds vite. Sincèrement vôtre,
```

Mizere itatu, koma muli *cher* wosayenera, malonje osafunika, «ndikufuna» wouma, dzina lolakwika la pempho, *tu* kawiri atangotha *vous*, ndi mathero obwereka. Choipa koposa, mulibe nambala ya fayilo, moti ngakhale wowerenga wachifundo sangathe kuyankha. Yokonzedwa bwino ndi iyi:

```
Objet : Suivi de ma demande de visa de court séjour, dossier n° [numéro]

Madame, Monsieur,

J'ai déposé le 3 mars une demande de visa de court séjour afin de
suivre une formation à Lyon, qui débute le 14 avril. À ce jour,
je n'ai pas reçu de réponse.

Je vous serais reconnaissante de bien vouloir m'indiquer l'état
d'avancement de mon dossier et de me préciser si des pièces
complémentaires sont nécessaires.

Vous trouverez en pièces jointes le récépissé de dépôt et la
lettre d'invitation.

Je vous prie d'agréer, Madame, Monsieur, mes salutations distinguées.

Prénom NOM
Née le [date], passeport n° [numéro]
```

Taonani mmene ulemu wagawidwira. Ndime yoyamba ilibe *vous* ngakhale mmodzi, ndipo m'mwadala. Mayiyu sakunena kuti *vous ne m'avez pas répondu*, «simunandiyankhe», chifukwa kumeneko ndi kuloza chala. Akunena kuti «sindinalandire yankho», mfundo yomweyo koma yosaneneza munthu. *Vous* waulemu akaikidwa pa chiganizo chodandaula amabaya chimodzimodzi ndi «inu» wa munthu wokwiya. Tsiku la 14 Epulo langoikidwa poonekera popanda mawu akuti *urgent*. Ndime yachiwiri ndiyo yanyamula pempho, kamodzi kokha, ndi *reconnaissante* wa mkazi. Funso la mapepala owonjezera likupatsa wowerenga njira yoyankhira mosavuta ngakhale chigamulo chisanatuluke.

Tizinthu tating'ono timene timaulula dzanja la mlendo: mayina a miyezi amayamba ndi chilembo chaching'ono, *mars*, *avril*, tsiku limatsogola mwezi, pamakhala mpata patsogolo pa timadontho tiwiri ndi patsogolo pa mfunsiro, monga mu *Objet :*. Dzina la bambo limalembedwa m'zilembo zazikulu zonse, zomwe zimathandiza kwambiri pa mayina athu, poti Mfalansa sangadziwe kuti pa mayina awiri a Chichewa loyamba ndi liti. Lilembedwe monga lilili m'pasipoti, popanda «a» waulemu patsogolo, amene kumeneko angamuyese chidule cha dzina lina.

Yankho likabwera

Ngati yankho lasayinidwa ndi nthambi chabe, pitirizani ndi *Madame, Monsieur,*. Ngati lasayinidwa ndi munthu, ndipo n'zoonekeratu kuti ndi mayi, yankhani ndi *Madame,* yekha, n'kumubwerezanso potseka. Chenjerani ndi mayina monga Dominique, Camille ndi Claude, amene amapatsidwa kwa amuna ndi akazi omwe. Pamenepo musapenekere, bwererani ku mawu awiri aja. Iwo akayamba ndi *Bonjour* n'kutseka ndi *Cordialement*, inunso mukhoza kutsika kufika pa *Bonjour Madame,* ndi *Bien cordialement,*. Wotsitsa ulemu ndi ofesi, inu mumangotsatira. Koma *vous* satsika. Ngakhale mutalemberana kakhumi, ngakhale wa pa kauntala ataoneka wamng'ono kuposa mwana wanu, amakhalabe *vous*. Apa mwambo wathu woyang'ana msinkhu sugwira ntchito: kumeneko chimene chimalamula ndi kudziwana, osati zaka. Ndipo pa kauntala pomwepo, liwu loyamba likhale *Bonjour Madame* kapena *Bonjour Monsieur* musananene china chilichonse. Kufunsa funso musanapereke *bonjour* ndi mwano umene Afalansa saukhululuka msanga.

Viza ikakanidwa, kalata yodandaula kwa akuluakulu oona za maviza mumzinda wa Nantes iyenera kulembedwa m'Chifalansa ndi kutumizidwa pasanathe masiku 30. Imeneyo ndi kalata yapapepala, ya moni wa udindo ndi mawu otsekera athunthu. *Bonjour* ndi *Cordialement* alibe malo pamenepo.

Pamene «inu» ayenera kusanduka *tu*

Pali malo amodzi pamene kufananitsa «inu» ndi *vous* kumawononga zinthu. Pa viza za pabanja, anthu nthawi zina amaphatikiza makalata kapena mauthenga a pafoni ngati umboni wa ubale. Kwathu mkazi amauza mwamuna wake kuti «inu», «mwadya kodi, abambo a Chisomo?», ndipo mwamunayo amabweza «inu» yemweyo. Mwana wamkulu amalembera mayi ake ndi «inu» moyo wake wonse. Ku Falansa anthu apabanja amauzana *tu*, ndipo ana pafupifupi onse amauza makolo awo *tu*. Womasulira akatembenuza mauthenga a mwamuna ndi mkazi wake n'kuika *vous* paliponse, wowerenga wa Chifalansa amva anthu awiri osadziwana, zomwe zikutsutsa chimene mapepalawo anabwerera.

Pali njira ziwiri zoona. Yoyamba ndi kulemba *tu*, poti ndiye akupereka kuyandikana kumene kuli m'mawu oyambirira. Yachiwiri ndi kusunga *vous*. Njira iliyonse imene mwasankha, ikani mzere umodzi pansi, wolembedwa *Note du traducteur*, wofotokoza kuti m'Chichewa anthu apabanja amaitanana ndi mawu aulemu ochulukitsa, ndi kuti mwawamasulira motani. Musasakanize njira ziwirizi m'fayilo imodzi.

Chimodzimodzi ndi kalata yoitana. Mnzake wa namwino amene amakhala ku Lyon akhoza kumulembera kuti *je t'invite*, koma imeneyo ndi kalata ya pakati pa awiriwo. Yopita ku ofesi ya maviza imayankhula ndi ofesiyo: imayamba ndi *Madame, Monsieur,*, woitanayo amadzitchula kuti *je soussigné*, kapena *je soussignée* akakhala mkazi, ndipo mlendoyo amatchulidwa ngati munthu wachitatu, *Madame* ndi dzina lake lonse, kenako *elle*. Ngati mlendoyo akagone kunyumba kwa mnzakeyo, kalata yotere siilowa m'malo mwa *attestation d'accueil*, chikalata chimene wolandira alendoyo amakatenga yekha ku *mairie*, ofesi ya khonsolo ya kumene amakhala, n'kutumiza chenichenicho kwa wopempha viza kuti akachiphatikize ku mapepala ake.